Musanaulutse droni yojambula mapu

Mukafuna mapu a munda wa mahekitala 20, yambani mwasankha kutalika kwa ulendo. Pa mamita 100, kamera ya Phantom 4 Pro imajambula pafupifupi masentimita 2.7 a nthaka pa kadontho kamodzi ka chithunzi. Mukatsika, zinthu zimaoneka bwino, koma zithunzi zimachuluka ndipo batire imatha msanga.

Chithunzi chilichonse chibwereze 75 peresenti ya chinzake kutsogolo, ndi 60 peresenti m'mbali. Pa chimanga chokhwima, pomwe paliponse pamafanana, onjezerani. Apo ayi mapu amatuluka obowoka.

Zizindikiro zapansi ndiye ambiri amazinyozera. Ikani zisanu, zinayi m'ngodya ndi chimodzi pakati, muziyeze ndi GPS yolondola. Popanda izo, malire angaphonye ndi mamita angapo.