Khodi ya sikana si dzina la chitsulo chofa

Chikhalidwe china chafala m'magalaja athu, kuyambira ku Cuamba mpaka kuno ku Mandimba, ndipo chikudya ndalama za anthu. Nyale yachikasu yooneka ngati injini ikayaka pa dashibodi, galimoto n'kumanjenjemera ikaima, makaniko amalumikiza sikana, awerenga khodi, n'kukuuzani kuti, "Abwana, kompyuta yati sensa yafa." Inu mumagula sensayo. Mawa lake kapena mkuja nyale ija yayakanso. Ine ndimakonza zamagetsi a galimoto, ndipo ndikuuzeni poyera kuti kompyuta ya galimoto sinena kuti chakuti chafa. Imangonena chimene yaona kuti sichili bwino, monga mmene kachipangizo ka ku chipatala kamaonetsera kuti thupi latentha osanena ngati ali malungo kapena chibayo. Kufufuza gwero lake ndi ntchito ya munthu.

Sikana imalowa pa soketi ya mabowo 16 imene imakhala pansi pa dashibodi, kufupi ndi mawondo a dalaivala. Njira yowerengera imeneyi, ya OBD-II, inakhala lamulo ku America mu 1996, ndipo makhodi ake ambiri ndi ofanana pa galimoto za makampani osiyanasiyana. Galimoto zathu zambiri, ma Probox, ma Sienta ndi ma Corolla, zinapangidwira msika wa ku Japan, choncho zina zakale sizilankhulana ndi timasikana totchipa tolumikiza ku foni. Sikana ikakana kulumikizana, musafulumire kunena kuti kompyuta ya galimoto yapsa, yesani ina.

Ndikufotokozereni za Probox ina ya injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, imene imanyamula katundu pamsewu wa N13 pakati pa Mandimba ndi Massangulo ku Ngauma. Ikamathamanga inalibe vuto, koma ikangoima injini inkagwedezeka ngati izima. Mwini wake anali atagulitsidwa kale mapulagi anayi ndi sensa ya okosijeni kwina, osathandizika. Sikana inatulutsa izi:

```
P0171  System Too Lean (Bank 1)
P0300  Random/Multiple Cylinder Misfire
```

Khodi yoyamba ikunena kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi petulo. Yachiwiri ikunena kuti injini ikumisa, koma osati pa silinda imodzi yodziwika. Zikanakhala P0302, ndikanadziwa kuti ndi silinda yachiwiri, ndipo ndikanasuntha koyilo yake kupita pa silinda yachitatu n'kuona ngati khodi isintha kukhala P0303. Ikasintha, koyiloyo ndiye yolakwa, ndipo umboniwo mwaupeza osagula kanthu. Koma apa kumisako kunali kwa ponseponse, kusonyeza kuti chovuta chinali chinthu chimene masilinda onse amagawana.

Ndisanafufute chilichonse ndinatsegula pamene sikana imalemba Freeze Frame. Pamenepa kompyuta imasunga mmene injini inalili panthawi imene inalemba khodi. Injini inali yotentha bwino, liwiro la galimoto linali 0, ndipo inkazungulira maulendo pafupifupi 700 pa mphindi. Vutoli linagwidwa galimoto itaima, monga ananenera mwini wake. Amene amayamba ndi kufufuta makhodi amataya uthenga umenewu.

Pamene pagona nkhani ndi pa manambala awiri amene sikana imaonetsa injini ikulira, STFT ndi LTFT. Injini ya petulo imafuna mpweya wolemera magalamu 14.7 pa galamu imodzi ya mafuta. Sensa ya okosijeni, imene ili pa paipi ya utsi, imauza kompyuta ngati kusakanizako kwaphonya, ndipo kompyuta imawonjezera kapena kuchepetsa mafuta. STFT ndi kukonza kwa panthawi yomweyo, LTFT ndi kumene kompyuta yazolowera pakapita nthawi. Pa injini yabwino, mukaphatikiza awiriwa sapitirira maperesenti 10 kumtunda kapena kumunsi. Pa Probox ija, itaima, LTFT inali +22 ndipo STFT inkasewera pa +12. Kompyuta inkathira mafuta owonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo anali osakwanirabe.

Kenako ndinaponda mafuta mpaka injini inafika pa 2,500, n'kuigwira pomwepo. Manambala aja pamodzi anatsika kufika pafupifupi +5. Apa ndi pomvetsetsa, chifukwa kuyesa kumeneku kumalekanitsa matenda awiri amene ali ndi khodi imodzi. Galimoto ikaima, chitseko cha mpweya chimakhala pafupifupi chotseka, injini imakoka mpweya wochepa kwambiri ndipo imaukoka mwamphamvu. Ngati pali mng'alu kuseri kwa chitsekocho, mpweya wolowera pamenepo, umene sensa yoyeza mpweya ya MAF sinauwerenge, umakhala gawo lalikulu la mpweya wonse. Mukaponda mafuta, mpweya wodzera njira yake umachuluka, wakubawo n'kuchepa mphamvu. Choncho manambala okwera poima n'kutsika poponda amaloza kudontha kwa mpweya. Akakhala abwino poima koma n'kumakwera mukaponda, kayang'aneni pampu ya mafuta, sefa yotsekeka, kapena MAF yodetsedwa. Zimenezinso n'zofala kuno, chifukwa cha fumbi la m'misewu ya kumidzi ya ku Ngauma ndiponso petulo wa m'mabotolo amene nthawi zina amakhala ndi zinyalala. Kunena zoona, MAF yambiri imene anthu amataya imangofuna kuipopera mankhwala ake otsukira, osakhudza kawaya kake.

Nditadziwa kuti ndikufuna mng'alu, ndinayamba kutsina timapaipi ta labala ndi pulayala, kamodzikamodzi, maso ali pa sikana. Nditatsina paipi ya PCV, imene imachotsa nthunzi pamwamba pa injini kupita nayo kolowera mpweya, ndipo ndinaitsinira kufupi ndi kolowerako, kugwedezeka kunaleka ndipo STFT inagwa nthawi yomweyo. Nditaivula, kunsi kwake kunali kong'ambika kutalika ngati chikhadabo, labala atauma gwa ndi kutentha. Kuiona pamwamba inkaoneka yabwinobwino. Ena amapopera petulo kapena mankhwala oyaka kuzungulira injini kuti amve ikusintha kulira. Njira imeneyo ndimaletsa anyamata anga, chifukwa kamoto kamodzi kothawa pa koyilo kakwanira kuyatsa boneti yonse.

Tinaika paipi yatsopano, ndinafufuta makhodi, tinaiyendetsa mpaka itatentha, ndipo manambala aja anakhazikika pansi pa +5 poima ndi poyenda. Sensa yakale ya okosijeni, imene mwini wake ankaisunga m'galimoto, mwachionekere inalibe mlandu. Iyo ndiyo inkanena zoona kuti mpweya wachuluka.

Sikana ili ndi malire ake. Siyeza mphamvu ya silinda, ndipo vavu yopsa kapena mphete za pisitoni zotha zimafuna geji yake. Komanso nyale ikazima mutafufuta, sikuti mwachiza. P0171 imafuna kuti kompyuta ione vutolo pa maulendo awiri otsatizana isanayatsenso nyale, n'chifukwa chake munthu amachoka pagalaja akusangalala, nyale n'kudzamuyakira ali pakati pa ulendo wa ku Lichinga. Kuchotsa waya wa batire ndi chinyengo chomwecho.

Nyale ikangoyaka osaphethira, galimoto ikukoka bwino, mukhoza kufika nayo kwa makaniko mosathamanga. Ikamaphethira, kumisako n'kwakukulu, petulo wosapsa akulowa m'paipi ya utsi ndipo angawotche chosefera utsi, chimene mtengo wake ndi wowawa, imani msanga. Ndipo makaniko akakuuzani kuti gulani sensa, mufunseni mwaulemu khodi yake, muilembe, kenako mumupemphe akuonetseni STFT ndi LTFT galimoto itaima komanso pa 2,500. Ngati sangathe kukuonetsani, metikali yanu isatuluke m'thumba.