Chigayo chimodzi pamudzi: mtengo umakhazikika bwanji?

Pamudzi pakakhala chigayo chimodzi, anthu amaganiza kuti mwini wake akhoza kutchula mtengo uliwonse. Akhozadi, koma akanyanya kukweza amayi amabwerera kumtondo kapena kusenza chimanga kupita kutali. Akatswiri a zachuma ali ndi chojambula chosonyeza pomwe wamalonda wopanda mnzake wopikisana naye amaima, ndipo pepala ndi pensulo n'zokwanira kuchijambula.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti pa mtengo wa K2,000 pa ndowa palibe wobwera kudzagayitsa, ndipo mtengo ukatsika ndi K20 pamabwera ndowa imodzi yoonjezera patsiku. Kugaya ndowa iliyonse kumamudyera mwini chigayo K400 ya dizilo ndi kutha kwa zitsulo.

Wojambula amayamba ndi mizere iwiri yokumana pakona: woimirira wa mitengo, wogona wa chiwerengero cha ndowa. Kenako amakoka mzere wa ogula, womwe mabuku amaulemba D, kuchokera pa K2,000 kutsetsereka mpaka pa ndowa 100. Mzere wa ndalama yogayira ndowa imodzi yoonjezera, MC, ndi wogona pa K400.

Mzere wachitatu ndi umene umasokoneza ambiri. Ndi MR, ndalama yomwe imaonjezereka m'thumba akagaya ndowa imodzi yoonjezera. Munthu angaganize kuti ndalamayi ndi mtengo womwewo, koma ayi. Pa K1,200 pamabwera ndowa 40, ndipo amatolera K48,000. Kuti apeze ndowa ya 41 ayenera kutsitsa kufika pa K1,180, ndipo sangatsitsire munthu mmodzi yekha ena onse akuona pamzere. Watsopanoyo wabweretsa K1,180, koma ndowa 40 zija zataya K20 iliyonse, yomwe ndi K800. Choonjezereka ndi K380 basi. N'chifukwa chake MR amakhala pansi pa D. Mzere wa ogula ukakhala woongoka, MR amayambira pamalo omwewo koma amatsika mofulumira kawiri, motero amagunda pansi pa ndowa 50, theka la 100.

Mwini chigayo amapitiriza kugaya malinga ngati ndowa yotsatira ikubweretsa zoposa zomwe ikudya. Ndowa ya 40 imaonjezera K420 pomwe imadya K400, choncho ndi yaphindu. Ya 41 imaonjezera K380, ndipo apa wayamba kuluza. Pachojambula, pamenepa ndi pomwe MR ndi MC akudutsana, pa ndowa 40.

Ophunzira ambiri amalakwitsa pomwepa: amawerenga mtengo pamphambano yomweyo n'kulemba K400. Mphambano imangopereka chiwerengero. Kuti apeze mtengo, wojambula akwere molunjika kuchokera pa 40 mpaka akakhudze D, kenako apite kumanzere, ndipo apeza K1,200. Mtengo ukatuluka wofanana ndi MC, ndiye kuti chojambulacho chalakwika. Bokosi la pakati pa K1,200 ndi K400, lotambalala ndowa 40, ndi K32,000 patsiku. Si phindu lonse ayi, chifukwa lendi, malipiro a wogayitsa ndi ngongole ya makina zimachoka m'menemo.

Tsopano D ndi MC amakumana pa ndowa 80. Pakanakhala zigayo zambiri zolimbirana makasitomala, mtengo ukanatsikira kufupi ndi K400 ndipo ndowa 80 zikanagayidwa. Ndowa za pakati pa 40 ndi 80 eni ake anali okonzeka kulipira zoposa K400, ena mpaka K1,180, koma sanagayitse. Wojambula amapaka kachigawo ka makona atatu: kona ina pa D pamwamba pa 40, ina pamphambano ya MR ndi MC, yomaliza pomwe D akumana ndi MC. Kukula kwake ndi ½ × 40 × 800, yomwe ndi K16,000 patsiku.

Limeneli ndi phindu lotayika, ndipo likusiyana ndi bokosi lija. K32,000 yachoka kwa ogula kupita kwa mwini chigayo. Ndi yowawa, koma ilipo m'thumba la wina. K16,000 palibe amene waidya. Yasanduka thukuta la mayi wosinja pamtondo pomwe makina ali chete. Ndi kutayika kotereku komwe kumachititsa mabungwe ngati CFTC, loona za mpikisano pa malonda m'dziko muno, kuyang'anitsitsa makampani olamulira msika.

Wofuna kutsegula chigayo chachiwiri angakopeke ndi ndowa 40 zosagayidwazo, koma asawerengere phindu lake pa K1,200. Akangotsegula, mnzakeyo atsitsa mtengo, ndipo ukafika pa K600 ndowa zonse zidzakhala 70 patsiku. Akagawana pakati, aliyense atsala ndi K200 pa ndowa 35, yomwe ndi K7,000 yoti alipirire lendi ndi ngongole ya makina.