Mizati yosanjikiza kapena yoimika pambalipambali: tchati chimodzi sichiyankha mafunso onse

Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17,563,749. Mwa iwo, pafupifupi 2.29 miliyoni anali m'chigawo cha Kumpoto, 7.52 miliyoni Pakati, ndipo 7.75 miliyoni Kumwera. Manambala otere amalowa msanga m'mutu akajambulidwa, n'chifukwa chake m'malipoti ndi m'manyuzipepala mumapezeka matchati a mizati, momwe kutalika kwa mzati kumaimira kuchuluka kwa chinthu. Chaka chikakhala chimodzi, palibe chovuta: mizati itatu, basi. Mutu umayamba kuwawa mukafuna kuonetsa zigawo zitatuzo pa makalembera angapo, tinene a 1987, 1998, 2008 ndi 2018.

Apa wojambula amasankha pakati pa njira ziwiri. Atha kusanjikiza zigawo zitatuzo kuti chaka chilichonse chikhale ndi mzati umodzi wogawika patatu, kapena atha kuimika timizati titatu pambalipambali, kagulu kamodzi pa chaka. Amene amagwiritsa ntchito Excel amaziona njirazi pa dzina la Stacked Column ndi Clustered Column. Manambala ake ndi amodzimodzi, koma zimene diso limatolapo n'zosiyana kwambiri.

Tiyambe ndi yosanjikiza. Tengani pepala ndi lula, sentimita imodzi iimire anthu 1 miliyoni. Mzati wa 1987 utalika pafupifupi masentimita 8, wa 1998 ufika pa 9.9, wa 2008 pa 13.1, wa 2018 pa 17.6. Ngakhale mwana wa sukulu aona pompo kuti m'zaka 31 anthu anachuluka kuposa kawiri. Apa ndi pamene mzati wosanjikiza umachita bwino: nsonga yake imanena za onse pamodzi. Chigawo chimene mwachiika pansi, tinene Kumpoto, nachonso chimawerengeka bwino chifukwa chaka chilichonse chimayambira pa mzere umodzi womwewo wa ziro.

Tsopano funsani funso lina: kodi chigawo cha Pakati chikuyandikira cha Kumwera? Yankho ndi lakuti inde, ndipo kwambiri. Mu 1987 Kumwera kunali anthu pafupifupi 3.97 miliyoni pomwe Pakati panali 3.11 miliyoni, kusiyana kwa anthu pafupifupi 855,000. Pofika 1998 kusiyanako kunatsika kufika pa 568,000, mu 2008 pa 348,000, ndipo mu 2018 kunangotsala 227,000. Iyi ndi nkhani yaikulu, koma pa mzati wosanjikiza simuiona. Pa mzati wa 2018, gawo la Pakati likuyambira pa masentimita 2.3 n'kuthera pa 9.8, ndipo la Kumwera likuyambira pa 9.8 pomwepo n'kukathera pa 17.6. Magawo awiriwa akusiyana ndi mamilimita awiri okha, ndipo lina lakwera pamwamba pa linzake. Zili ngati kufuna kudziwa wamtali pakati pa ana awiri, wina ataima pansi wina ali pampando. Kuonjezera apo, poyambira gawo lililonse pamasuntha chaka ndi chaka malinga ndi kukula kwa magawo ali pansi pake, moti gawo likhoza kuoneka ngati likukwera pomwe langonyamulidwa ndi anzake.

Si vuto la maso a munthu mmodzi ayi. Mu 1984 akatswiri awiri, William Cleveland ndi Robert McGill, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo pa mmene anthu amawerengera matchati. Anapeza kuti anthu amayerekeza molondola zinthu zoyambira pa mzere umodzi kusiyana ndi zidutswa zoyambira malo osiyanasiyana.

Imikani tsono zigawozo pambalipambali. Mu kagulu ka 1987, mzati wa Kumwera ukuposa wa Pakati ndi pafupifupi mamilimita 9. Kagulu kotsatira mpatawo wachepa, kenako wachepanso, ndipo mu 2018 nsonga ziwirizo zatsala pang'ono kufanana. Mamilimita awiri aja tsopano akuoneka, chifukwa mizatiyo yaima pa mzere umodzi ndipo yagundana mapewa. Koma mwalipira mtengo wake: chiwerengero cha dziko lonse chasowa. Wofuna kudziwa kuti mu 2008 anthu onse anali angati ayenera kuphatikiza yekha mizati itatu m'mutu, ndipo palibe amene amachita zimenezo akuwerenga magazini.

Pali mtundu wachitatu umene Excel imautcha 100% Stacked Column. Mizati yonse imatalika mofanana, ndipo chimene chimaoneka ndi gawo la chigawo chilichonse pa anthu 100 alionse. Apa muona Kumwera kukutsika kuchoka pa anthu pafupifupi 50 pa 100 alionse mu 1987 kufika pa 44 mu 2018, pomwe Pakati pakukwera kuchoka pa 39 kufika pa 43. Magawo a pansi ndi a pamwamba onse amawerengeka bwino, poti lina latsamira mzere wa pansi, lina wa pamwamba. Chenjezo n'lakuti wowerenga mothamanga atha kuganiza kuti anthu Kumwera achepa, chikhalirecho anachuluka pafupifupi kawiri. Mawu a pamwamba pa tchati chotere ayenera kunena poyera kuti awa ndi magawo, osati chiwerengero cha anthu.

Chitsanzo chathuchi n'chofatsa, chifukwa zigawo zitatu pa makalembera anayi ndi mizati 12 yokha. Zaka zikachuluka, mizati ya m'magulu ndiyo imayamba kugonja. Mbewu zisanu pa zaka 30 ndi timizati 150, tooonda ngati ulusi, ndipo kuti mutsatire mbewu imodzi diso liyenera kudumpha mizati inayi pa chaka chilichonse likusakasaka mtundu wake. Yosanjikiza imapirira ndithu, pakuti imakhalabe mizati 30, koma magawo anayi okhala pamwamba pa gawo la pansi amangoyandama. Kwa ine, pofika apa kukangana za mitundu iwiri ya mizatiyi n'kutaya nthawi. Jambulani mizere, umodzi pa mbewu iliyonse, dzina lake mulilembe kumapeto kwa mzerewo. Mizere ikapiringizana, patsani mbewu iliyonse katchati kakekake, timatchati tonse tikhale ndi muyeso wofanana kumbali kuti tiyerekezeke. Ngati chiwerengero cha zonse pamodzi chikufunikabe, chipatseni katchati kake nachonso.

Kusanjikiza kuli ndi lamulo limodzi losaphwanyika: zimene mukusanjikiza zikhale zidutswa za chinthu chimodzi, zosalowana. Munthu amawerengedwa m'chigawo chimodzi chokha, choncho zigawo zitatu zikaphatikizidwa zimapereka dziko lonse. Koma mitengo ya chimanga ya m'misika itatu simungaisanjikize, chifukwa nsonga ya mzatiwo siimira chilichonse. Chimodzimodzinso kusanjikiza Lilongwe pamwamba pa chigawo cha Pakati, komwe ndi kuwerenga anthu omwewo kawiri. Zoterezi ziimikeni pambalipambali.

Mukasankha kusanjikiza, gawo limene nkhani yanu ikukamba liikeni pansi penipeni, ndipo ndondomeko ya magawo isasinthe chaka ndi chaka. Pa manambala a kalembera aja, kuika Pakati pansi kumaonetsa bwino mmene chigawochi chakulira kuchoka pa 3.11 miliyoni kufika pa 7.52 miliyoni. Musanasindikize, chiyeseni tchaticho pa makina a fotokope: chofiira ndi chobiriwira zimene zimasiyana bwino pa kompyuta nthawi zambiri zimatuluka zotuwa mofanana, ndipo malire a magawo amasowa. Kamzere koyera pakati pa magawo, ndi mitundu yosiyana kuderako, zimathetsa vutoli.