Waya wa silabu: kuwerengera mashiti oyenera kugula

Anthu ambiri omwe akumanga nyumba mumzinda wa Zomba amagula waya wa silabu wosakwana, chifukwa amaiwala kuti mashiti ake amayenera kusanjikizana m'mphepete. Wayayu, yemwe amisiri amamutcha BRC, amagwira konkire kuti ming'alu isatseguke. Iye ngofunika kwambiri m'mapuloti otsetsereka a m'munsi mwa phiri la Zomba, monga ku Mulunguzi, kumene mbali ina ya silabu imakhala pa dothi lochita kuthira, lomwe limatha kutitimira mvula ikagwa yambiri.

Waya wodziwika m'nyumba zogona ndi A142. Shiti yake nthawi zambiri imakhala mamita 4.8 m'litali ndi 2.4 m'lifupi, ndipo timabokosi take ndi ta masentimita 20. Pokumana mashiti awiri, amisiri ambiri amasanjikiza timabokosi tiwiri, omwe ndi masentimita 40, n'kumanga ndi waya wofewa. Akangogundanitsa mashitiwo, mng'alu umadzatsata mzere womwewo. Choncho shiti yoyamba ndiyo imawerengedwa yonse, koma iliyonse yotsatira imangoonjezera mamita 4.4 m'litali kapena 2 m'lifupi.

Tiyerekeze silabu ya mamita 12 kwa 9. Kukula kwake ndi masikweya mita 108, pomwe shiti imodzi ndi 11.52. Wongogawa ziwerengerozi agula mashiti 10, ndipo waya amuthera ntchito ili mkati.

Njira yabwino ndiyo kuwerenga mbali iliyonse payokha. Litali la shiti likatsata mbali ya mamita 9, mashiti awiri akwana, pakuti 4.8 kuphatikiza 4.4 ndi 9.2. Kumbali ya mamita 12, shiti yoyamba itenga 2.4 ndipo zisanu zotsatira zionjezera mamita 10, kutanthauza mizere 6. Mizere 6 ya mashiti awiriawiri ikupereka mashiti 12.

Kayalidwe nako kamakhudza ndalama. Mukatembenuza mashitiwo kuti litali lake litsate mbali ya mamita 12, pafunika mizere 5 ya mashiti atatuatatu, onse pamodzi 15, ndipo zidutswa zotsala zichuluka. N'chifukwa chake ndi bwino kujambula njira zonse ziwiri papepala musanapite kogula. Pimaninso shiti yeniyeniyo m'sitolo, popeza ena amagulitsa ya mamita 6 ndipo ena waya wa mpukutu.

Asanathire konkire, yendani pasilabupo n'kuwerenga timabokosi pamalo onse olumikizira. Onetsetsaninso kuti waya wakwezedwa ndi timiyala ta konkire, chifukwa wogona pansi sagwira ntchito ndipo amachita dzimbiri msanga.

Masamuwa ndi a silabu yokhala padothi. Silabu ya nyumba yosanja imanyamula katundu popanda chochirikiza pansi, kotero zitsulo zake ndi kasanjikizidwe kake ziyenera kutsatira pulani ya injiniya.