Mawu Olengezera Phwando la Zoimba za Usiku

Mawu olengezera phwando la zoimba ndi mizere yochepa imene imalembedwa pansi pa chithunzi cha oimba, kaya pa Facebook, pa WhatsApp kapena pa chikalata chomata pakhoma. Ntchito yake ndi kuyankha mafunso anayi amene munthu amakhala nawo asanaganize zopita: liti, kuti, ndalama zingati, ndiponso afunse ndani. Zinthu zinayizi zimayenera kulembedwa m'mawuwo ngakhale zitaoneka kale pa chithunzi, chifukwa anthu ambiri satsegula zithunzi pofuna kusunga bandulo, ndipo nambala yojambulidwa pa chithunzi imavuta kukopera. Facebook imadulanso uthenga wautali n'kuika `See more`, choncho dzina la woimba, tsiku ndi malo zimayenera kukhala m'mizere iwiri yoyambirira.

Tsiku limalembedwa pamodzi ndi dzina lake, monga "Loweruka pa 14 Juni". Mawu akuti "Loweruka likubwerali" amasokoneza, popeza uthenga wa pa WhatsApp umazungulira masabata angapo ndipo aliyense amawerengera kuchokera tsiku limene waulandira. Cholakwika china chofala chimabwera pamene wolemba watenga uthenga wa mwezi watha n'kusintha deti koma kuiwala dzina la tsiku. Kungoyang'ana pa kalendala asanautumize kumathetsa zimenezi.

Nkhani ya nthawi ndi imene imafuna chilungamo kwambiri. Nthawi yotsegula khomo ndi ina, nthawi imene oimba akuyamba ndi inanso, ndipo uthenga wabwino umatchula zonse ziwiri. Mawu akuti "mpaka m'bandakucha" amakoma kuwerenga, koma munthu wokhala ku Chirimba kapena ku Area 25 amadziwa kuti minibasi zimasowa usiku ukakula, ndiye amayenera kudziwiratu ngati asunge ndalama ya takisi kapena ya kabaza. Okonza phwando amene amalemba 7 koloko podziwa kuti ayamba 10 koloko amadzipweteka okha, chifukwa ulendo wotsatira anthu amabwera mochedwa dala.

Malo otchuka monga Robin's Park ku Blantyre kapena Lilongwe Golf Club safuna kufotokoza zambiri, dzina ndi mzinda n'zokwanira. Malo ang'onoang'ono amafuna chizindikiro, monga siteji yotsikira kapena msika umene uli pafupi. M'nyengo ya dzinja ndi bwino kunena ngati phwandolo lidzakhala m'holo kapena panja.

Pa mtengo ndi pamene mikangano ya pakhomo imayambira. Nthawi zambiri pamakhala tikiti yogula tsikulo lisanafike, ina yogula pakhomo imene imakwererapo, ndi ina ya malo apadera. Mtengo uliwonse ulembedwe wonse, K10,000 osati 10 yokha, ndipo pakhale tsiku limene mtengo wotsikawo udzathere. Ngati tikiti ya malo apadera ikuphatikizapo mpando kapena chakumwa, zinenedwe. Ngati ana saloledwa, kapena zakumwa zochokera kunja siziloledwa kulowa, munthu adziwire kunyumba, asakamvere pageti atalipira kale ulendo.

Nambala ya foni ikhale imodzi kapena ziwiri, ya munthu amene adzayankhedi. Kwa achibale a ku Joni ofuna kugulira abale awo matikiti, nambala imayamba ndi +265 ndipo ziro woyamba amachotsedwa. Pamene malipiro akudzera pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, uthengawo utchule dzina limene nambalayo inalembetsedwa. Wolipira amayerekeza dzinalo ndi limene laoneka pa foni yake, ndipo ichi n'chimene chimamuteteza kwa akuba amene amatenga uthenga weniweni n'kungosintha nambala. Afotokozeredwenso chimene achite akalipira: kodi asonyeze uthenga wotsimikiza pakhomo, kapena akatenge tikiti kwinakwake?

Mwachitsanzo, gulu lina limalemba kuti: "Musaphonye! Loweruka lino kudzatentha ku Limbe, pakhomo 10." Uthenga umenewu uli ndi moto koma sunayankhe funso lililonse mokwanira. Ukakonzedwa umayamba ndi dzina la gulu, kenako: "Loweruka pa 14 Juni, m'holo yakutiyakuti ku Limbe, pafupi ndi siteji ya minibasi. Khomo litsegulidwa 6 koloko madzulo, zoimba ziyamba 8 koloko mpaka 1 koloko usiku. Tikiti K8,000 mpaka Lachinayi pa 12 Juni, K10,000 pakhomo." Pomaliza pamabwera nambala ndi dzina lolandirira ndalama. Mawu okopa aja sataidwa, amangosunthira kumunsi.

Zinthu zikasintha, monga malo kapena tsiku, uthenga watsopano uyambe ndi mawu akuti "Kusintha" ndipo unene ngati matikiti ogulidwa kale agwirabe ntchito kapena ndalama zibwezedwa. Wakalewo ufufutidwe paliponse pamene okonzawo angathe, ngakhale kuti umene unafika kale m'mafoni a anthu sungabwezedwe.