Padi yochapa ikauma mwatheka, mavuto amayambira pomwepo

Amayi ndi atsikana ambiri amene amagwiritsa ntchito mapadi ochapa amadziwa kuchapa. Pomwe zinthu zimasokonekera ndi poyanika. Chifukwa cha manyazi, padi imayanikidwa kunsi kwa matiresi, kuseri kwa chitseko kapena pansi pa zovala zina, ndipo m'mawa imavalidwa ikadali ndi chinyontho mkati. Nsalu yonyowa ikakhala pamalo otentha ngati kumaliseche, tizilombo toyambitsa kuyabwa timaswana msanga.

Tiyambe ndi machapidwe. Mukangovula padi, itsukuluzeni ndi madzi ozizira mpaka madziwo atasiya kufiira. Madzi otentha amaphika magazi n'kuwamatirira mu ulusi, kotero banga silichokanso. Ngati magazi anaumirapo kale, inyikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 30, koma isagone m'ndowa masiku, chifukwa imayamba kununkha. Kenako chapani ndi sopo wamba wochapira zovala. Jiki amadya nsalu ndiponso amawotcha khungu, pomwe mankhwala ofewetsa zovala amachititsa kuti padi isamamwe bwino magazi.

Kutsukuluza komaliza musakupeputse. Sinthani madzi mpaka mukafinya pasatuluke thovu, chifukwa sopo wotsalira mu nsalu amayambitsa kuyabwa ndi kusupuka m'mphechepeche ngakhale palibe matenda.

Ikayera, ifinyeni, itambasuleni, muiyanike pachingwe padzuwa mbali yokhudza thupi itayang'ana kumwamba. Dzuwa limaumitsa komanso limapha tizilombo tambiri. Ngati pakhomo pali maso ambiri, monga kusukulu yogonera komweko, phimbani ndi kansalu kopyapyala kolola mphepo kudutsa. Ndi bwino kutero kusiyana ndi kukabisa m'nyumba. Musayanike pansi kapena pa udzu, pakuti pali ntchentche zina zimene zimaikira mazira pa nsalu zonyowa, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu.

Padi imakhala ndi nsalu zingapo zosanjikizana, choncho pamwamba pamauma msanga pakati pakadali ponyowa. Itsineni mwamphamvu pakatipo. Ikazizira m'zala kapena kumveka fungo la chuku, sinaume.

M'dzinja kapena nthawi ya chiperoni, padi imodzi itha kutenga masiku awiri kuti iume. Apa m'pofunika kukhala ndi zokwanira kusinthanitsa. Mayi wosintha maola 4 mpaka 6 alionse amagwiritsa ntchito 4 mpaka 6 patsiku, ndiye akufunika zochuluka kuposa pamenepo kuti zina ziziuma pakhonde popita mphepo. Kusita kumathandiza, koma mbali ya nsalu yokha ndi simbi yosatentha kwambiri, chifukwa kapulasitiki koletsa kudontha kamasungunuka.

Padi sabwerekana, ngakhale pachibale. Ndipo kuyabwa kukapitirira msambo utatha, kapena kukatuluka chikazi chonga chambiko, chonunkha, kapena mukamamva kuwotcha pokodza, pitani kuchipatala. Musathire mankhwala kapena sopo mkati.