Madzi Oyera Amene Nsomba Zikuwathawa

Mukaimika anthu awiri pamlatho n'kuwasonyeza mitsinje iwiri, wina wamadzi ofiira ndi matope, wina wamadzi oyera oti miyala yapansi ikuoneka, onse adzaloza woyerawo kuti ndiwo wabwino. Nthawi zambiri amalondola, koma nthawi zina ayi. Pali mitsinje imene imaoneka yoyera chonsecho nsomba zinathawamo kalekale, ndipo palinso ina imene imafiira sabata imodzi kenako n'kubwerera mwakale, zamoyo zake zili bwinobwino. N'chifukwa chake ofufuza za madzi amanyamula mita, kachipangizo kokhala ndi chingwe ndi mutu woviika m'madzi, kamene kamaonetsa manambala pagalasi. Kuviika mutuwo aliyense angathe, ntchito yaikulu ili pa kumva zimene manambalawo akunena.

Nambala yoyamba, imene pagalasi imatsatana ndi zilembo NTU, imanena za kuvunduka kwa madzi. Mita imaponya kuwala m'madzi n'kuyeza kuchuluka kwa kuwala kumene kwamwazika pogunda tizidutswa toyandama: dothi, matope, ndere, zinyenyeswa za masamba. Madzi akumwa amafunika asapitirire 5 NTU, ndipo akatsika pansi pa 1 ndi pamene mankhwala ophera tizilombo amagwira bwino ntchito. Mtsinje wodutsa m'minda yolimidwa kumene, mvula ikagwa, umatha kufika mazana angapo. Nambalayi imangonena kuti m'madzimo muli zoyandama. Kuti zoyandamazo n'chiyani, siinena, ndipo dothi la m'munda ndi zoipa za m'chimbudzi zingathe kupereka nambala yofanana.

Yachiwiri imalembedwa ndi µS/cm, ndipo imayeza mmene madzi akulolera magetsi kudutsa. Madzi enieni opanda chilichonse salola magetsi kwenikweni. Chimene chimawadutsitsa ndi michere yosungunuka, yochokera m'miyala, m'nthaka, mu sopo, mumkodzo ndi m'madzi otayidwa m'mafakitale. Kamtsinje ka m'phiri kangathe kuonetsa zosakwana 100, pamene madzi a m'nyanja yamchere amafika pafupifupi 50,000. Apa wofufuza afunika kudziwa dera lake. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho michere imaunjikana momwemo dzuwa likamauma madzi, ndipo mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere chifukwa cha nthaka yakumeneko. Nambala yaikulu m'malo oterewa siikutanthauza kuti wina wathiramo zoipa. Chimene chimadzutsa wofufuza ndi kudumpha kwa nambala pakati pa malo awiri oyandikana pamtsinje umodzi.

Yachitatu ndiyo imasokoneza anthu ambiri, ndipo ndiyo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Pagalasi imalembedwa DO, ndipo imanena za mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi, umene nsomba, nkhanu ndi tizilombo ta pansi pa miyala timapuma. Imaoneka m'njira ziwiri: mg/L, kutanthauza mamiligalamu mu lita imodzi, ndi peresenti. Madzi ali ndi malire a mpweya umene angasunge, ndipo malirewo amatsika madzi akatentha, monga mmene chakumwa cha m'botolo chimaphwera msanga chikakhala padzuwa. Pamalo ofanana ndi gombe la nyanja yamchere, madzi a madigiri 20 amasunga pafupifupi 9.1 mg/L, a madigiri 25 amasunga 8.3, a madigiri 30 amasunga 7.6. Kukwera kwa dera nakonso kumachotsapo. Blantyre ndi Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, kumene mpweya wamlengalenga ndi wopepukirapo, motero madzi a madigiri 25 kumeneko amadzaza pa 7.3 basi. Wophunzira amene wawerenga m'buku kuti mtsinje wabwino umakhala ndi 9, akaona 7.2 masana a Okutobala angadandaule pachabe, pamene madziwo atenga mpweya wonse umene angathe. Peresenti imathandiza apa, chifukwa imayerekeza mpweya umene ulipo ndi umene ukanakwanamo. Nsomba zambiri zimayamba kuvutika nambala ikatsika pansi pa 5 mg/L, ndipo pansi pa 2 n'zochepa zimene zimapirira.

Tsopano tiyerekeze kafukufuku wa kamtsinje kodutsa m'tauni ina ya kumtunda ngati kumeneku, m'mwezi wa Okutobala mvula isanayambe. Manambala ndi ongoyerekeza, koma ndi otheka ndithu pamtsinje wotere. Gulu layamba kumtunda, nyumba zisanayambe, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Mita yaonetsa madigiri 21, 6 NTU, 110 µS/cm ndi 7.4 mg/L. Pa kutentha kumeneku madzi akanadzaza pa 7.9, ndiye kuti ali pa 94 peresenti. Malo awa ndiwo poyambira, ndipo manambala onse akumunsi tiziwayerekeza ndi awa.

Atsika pang'ono, kumunsi kwa pamene anthu akukumba mchenga. Madzi afiira, ndipo mita yaonetsa 180 NTU. Koma michere ili pa 120, mpweya pa 7.1. Nambala imodzi yokha ndiyo yadumpha, ziwiri zija zangosuntha pang'ono. Izi zikutiuza kuti chavundula madzi ndi dothi wamba, limene silisungunuka ndiponso siliola. Vuto lilipo, poti matope akakhazikika amakwirira mipata ya pakati pa miyala momwe tizilombo timakhala ndi nsomba zimaikira mazira, komanso amatseka kuwala. Koma ndi vuto loti gwero lake likuoneka ndi maso, ndipo kukumbako kukaima madzi amayera.

Malo achitatu ali mamita mazana angapo kumunsi kwa ngalande yochokera m'makomo. Pofika apa matope aja akhazikika, madzi ayeranso, 14 NTU. Munthu wongodutsa anganene kuti mtsinje wachira. Koma michere yalumpha kufika 620, ndipo mpweya wagwa kufika 2.3 mg/L pa madigiri 24, pamene ukanakwana 7.5. Imeneyi ndi 31 peresenti yokha. Michere yokwera pamodzi ndi mpweya wotsika zimaloza ku madzi a m'zimbudzi, a m'mabafa kapena zotayidwa zina zoola. Zinthu zoola zikalowa mumtsinje, mabakiteriya amazidya, ndipo podya amagwiritsa ntchito mpweya womwewo umene nsomba zikuufuna. Kudyaku kumatenga nthawi, n'chifukwa chake mpweya sutsikitsitsa pakamwa pa ngalande penipeni, umatsikitsitsa chakumunsi madzi atayenda kamtunda. Woyeza pangalande pokha n'kubwerera kwawo amaphonya malo ovutikitsitsa.

Wina pagulupo anganene kuti waona mlamba m'dziwe lomwelo, ndiye madzi sangakhale oipa. Mlamba si mboni yabwino pankhaniyi, chifukwa uli ndi chiwalo chopumira mpweya wakunja ndipo umakhala m'madzi amene nsomba zina zingafemo. Funso loyenera ndi lakuti matemba ndi nkhanu zili kuti.

Malo achinayi ndiwo amanyenga kwambiri. Gulu lafikapo cha m'ma 2 koloko masana, padziwe lobiriwira ndi ndere, ndipo mita yaonetsa 9.5 mg/L pa madigiri 27. Madziwa akanadzaza pa 7.1, ndiye kuti apitirira 130 peresenti. Wosadziwa alemba kuti apa ndiye pabwino koposa ponse. Chimene chachitika n'chakuti zoola zija zasanduka chakudya cha ndere, ndere zachuluka, ndipo dzuwa likamawala zimatulutsa mpweya wambiri kuposa umene madzi angasunge. Usiku zimaleka kutulutsa koma zimapitiriza kupuma, pamodzi ndi mabakiteriya onse a m'dziwemo. Kubwerera pomwepo m'bandakucha, nambala ingapezeke ili pa 2. Nsomba zikafa padziwe lotere, kawirikawiri zimafa kusanache. Ine ndimaona kuti kafukufuku wa mpweya wopanda muyezo wa m'mawa kwambiri ndi wosamaliza, ngakhale kuti kudzuka kumeneko n'kowawa. Mpweya wopitirira kwambiri 100 peresenti masana ndi chenjezo loti mubwerenso dzuwa lisanatuluke.

Nyengo nayo imatembenuza manambala. Mukabwerera pamtsinje womwewu mu Januwale mvula itagwa usiku, kuvunduka kudzakwera paliponse, ngakhale kumtunda kuja, pamene michere idzatsika chifukwa madzi amvula ali ndi michere yochepa ndipo amasukuluza ina yonse. Malo achitatu angaoneke ngati achira, koma ngalande ikuthirabe zomwe zija, kungoti zamira m'madzi ambiri. Mvula yoyamba ya chaka imachita zosiyana pang'ono, poti imakokolola zonse zimene zinaunjikana m'misewu ndi m'ngalande chilimwe chonse, ndipo kwa maola ochepa michere ingakwere, mpweya n'kutsika. Choncho nambala iliyonse iyenera kulembedwa pamodzi ndi tsiku, ola, kutentha kwa madzi ndi tsiku limene mvula inagwa komaliza.

Nthawi zina wolakwa ndi woyeza, kapena mita yake. Ukalowa m'madzi uyenera kuyang'ana kumtunda n'kuviika mutu wa mita patsogolo pako, apo ayi uyeza matope amene mapazi ako avundula. Thovu logwira pamutu wa mita limakweza nambala ya kuvunduka ndi ya mpweya. Mita zina za mpweya, zokhala ndi kachikopa kopyapyala kunsonga, zimadya mpweya pamene zikuyeza, motero m'madzi odikha nambala imatsika pang'onopang'ono mpaka utayamba kugwedeza mutuwo. Michere nayo imasintha ndi kutentha, pafupifupi 2 peresenti pa digiri iliyonse, n'chifukwa chake mita zambiri zimakonza nambala kuti ifanane ndi ya madigiri 25, ndipo zina zimailemba SPC. Poyerekeza malo awiri, gwiritsani ntchito yokonzedwayo. Musananyamuke, yesani mita m'madzi odziwika kale nambala yake, amene nthawi zambiri amakhala a 1413 µS/cm, ndipo pomaliza ntchito muiyesenso. Ikasemphana kwambiri, manambala a tsiku limenelo ndi okayikitsa.

Pali zina zimene mita iyi siiona n'komwe. Mafuta a galimoto sadutsitsa magetsi, ndiye angayandame pamadzi michere osasuntha. Mankhwala ophera tizilombo m'madimba angaphe nsomba ali ochepa kwambiri moti palibe nambala imene ingasinthe. Tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba sitioneka pa manambala atatu onsewa. Ngakhale pamalo oyamba aja, a 6 NTU ndi mpweya wokwanira, funso loti madziwo angamwedwe limafuna kutunga m'botolo losamalidwa bwino, kulisunga pozizira, ndi kulifikitsa ku labotale tsiku lomwelo kuti akayeze mabakiteriya ochokera m'chimbudzi.